Ogulitsa Awiri, Katundu Wofanana: Chifukwa Chimene Mtengo Umatsikira Mpaka Phindu Kutha

Funso ndi mawu ake

Katundu akamagulitsidwa ndi kampani imodzi yokha, mtengo wake umakhala wokwera, chifukwa wogula alibe kwina koti apite. Ogulitsa akachuluka kwambiri, mtengo umatsika mpaka kuyandikira ndalama zimene zimalowa popanga katunduyo, pakuti aliyense wofuna phindu lalikulu amathawidwa ndi makasitomala. Funso limene lakhala likuvutitsa akatswiri a zachuma lili pakati pa mbali ziwirizi: ngati ogulitsa ali awiri okha, katundu wawo ndi wofanana kwenikweni, ndipo aliyense amadziikira yekha mtengo popanda kupangana ndi mnzake, kodi mtengo ukaima pati? Ambiri angaganize kuti ukaima penapake pakati, wosakwera ngati wa kampani yopanda mpikisano komanso wosatsika ngati wa msika wa ogulitsa ambiri. Yankho limene limadziwika ndi dzina la Joseph Bertrand likutsutsa zimenezi, ndipo likunena kuti ogulitsa awiri ndi okwanira kugwetsa mtengo mpaka phindu lonse litatha.

Malire amene mtengo umakaima amafunika kuwamvetsa bwino. Malirewa ndi ndalama imene kampani imawononga kuti ipange chinthu chimodzi china pamwamba pa zimene yapanga kale, ndipo m'nkhani ino ndalamayi itchedwa mtengo wopangira chowonjezera. Kwa kampani yothira madzi m'mabotolo, mtengowu ndi wa botolo, chitsekerero, magetsi ndi ntchito zimene botolo limodzilo lafuna, koma suphatikiza ndalama zomangira fakitale kapena zogulira makina, chifukwa zimenezo zinalipiridwa kale ndipo sizisintha kaya botololo lipangidwe kapena ayi. Kampani ikagulitsa botolo pamtengo woposa pamenepa imapezapo kanthu, ndipo ikagulitsa pamtengo wochepera imaluza pa botolo lililonse, moti ndi bwino kuti isalipange n'komwe.

Mbiri ya mkanganowu

Nkhaniyi inayambira ku Falansa. M'chaka cha 1838 katswiri wa masamu Antoine Augustin Cournot anatulutsa buku lofotokoza za chuma pogwiritsa ntchito masamu, ndipo m'bukumo anapereka chitsanzo cha anthu awiri amene aliyense ali ndi kasupe wa madzi ofanana, ndipo onse amagulitsa madziwo pamsika umodzi. Cournot anaganiza kuti chimene mwini kasupe aliyense amasankha ndi kuchuluka kwa madzi oti apititse kumsika, ndipo mtengo umabwera pambuyo malinga ndi madzi onse amene afika. Mwa njira imeneyi anapeza kuti mtengo umaima pakati, ndipo umatsika pang'onopang'ono ogulitsa akamawonjezereka.

Patapita zaka 45, m'chaka cha 1883, Cournot atamwalira kale, Bertrand analemba m'magazini ya Journal des Savants ndemanga yowunika buku la Léon Walras pamodzi ndi la Cournot. Mfundo yake pa za akasupe inali yaifupi: palibe choletsa mwini kasupe mmodzi kutsitsa mtengo pang'ono n'kutenga makasitomala onse, ndipo popeza mnzake angachite chimodzimodzi, kutsikako kulibe poti kuimire. Bertrand sanasiye masamu athunthu monga amene amaphunzitsidwa lero, ndipo olemba mbiri ya maphunziro a zachuma amatsutsanabe ngati iye anamumvetsa bwino Cournot. Mfundoyi inafika pooneka bwino John Nash atafotokoza m'chaka cha 1950 za mkhalidwe wokhazikika, ndiko kuti mkhalidwe umene palibe mbali imene ingapindule posintha chosankha chake payokha pamene ina yaima pomwepo. Kuyambira pamenepo zinadziwika kuti Cournot ndi Bertrand ankafunafuna mkhalidwe wa mtundu womwewo, ndipo anasiyana pa chinthu chimodzi chokha, chimene ndi ichi: kodi kampani imasankha kuchuluka kwa katundu kapena imasankha mtengo?

Mmene mtengo umatsikira

Mfundo ya Bertrand imaima pa zinthu zingapo zimene zimayesedwa kuti ndi zoona. Katundu wa makampani awiriwo ndi wofanana moti wogula sasamala kuti wagula kwa yani, ogula onse amadziwa mitengo yonse iwiri ndipo kupita kwa wotchipa sikuwatayitsa kanthu, kampani iliyonse ingathe kupanga katundu wokwanira msika wonse, mtengo wopangira chowonjezera ndi umodzi kwa onse ndipo susintha, komanso makampaniwo amaika mitengo kamodzi kokha panthawi imodzi. Zinthu zikakhala choncho, wotchipa amatenga msika wonse ngakhale atsitse pang'ono chabe, ndipo mitengo ikafanana awiriwo amagawana ogula pakati.

Chitsanzo cha akasupe chingaonetse zimenezi ndi manambala ongoyerekezera. Tinene kuti mabotolo amene anthu amagula pa tsiku amatsata lamulo ili: Q = 140 − P, pamene Q ndi chiwerengero cha mabotolo ndipo P ndi mtengo wa botolo m'mafalanki, ndalama zakale za ku Falansa. Mtengo wopangira botolo lowonjezera ukhale mafalanki 20. Kukanakhala mwini kasupe mmodzi yekha, akanaika mtengo wa 80, n'kugulitsa mabotolo 60, lililonse likumupatsa phindu la 60, ndipo phindu lake pa tsiku likanakhala 3,600, limene palibe mtengo wina ungalipose.

Tsopano eni akasupe ali awiri, ndipo onse ayamba pa mtengo wa 80. Aliyense akugulitsa mabotolo 30 ndipo akupeza 1,800. Woyamba akaona kuti mnzake waima pa 80, amawerengera kuti atatsitsa kufika pa 79 ogula onse abwera kwa iye, agulitsa mabotolo 61 pa phindu la 59 lililonse, ndipo apeza 3,599. Wataya falanki imodzi pa botolo, koma phindu lake latsala pang'ono kuwirikiza kawiri. Wachiwiri, amene tsopano sakugulitsa kanthu, amaona kuti pa 78 msika wonse ubwerera kwa iye ndipo apeza 3,596. Kuwerengera komweku kumagwirabe ntchito ngakhale mtengo utatsika kwambiri, pakuti onse akakhala pa 30 aliyense amagulitsa mabotolo 55 n'kupeza 550, koma wotsitsa kufika pa 29 amagulitsa 111 n'kupeza 999. Phindu la msika wonse likunka licheperachepera, komabe pa sitepe iliyonse kutenga lonse kumaposa kutenga theka.

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. M'misika yambiri wotsitsa mtengo pang'ono amawonjezera makasitomala pang'ononso, ndipo amayenera kuyeza zimene wapeza ndi zimene wataya. Katundu akakhala wofanana kwenikweni, kutsitsa kochepetsetsa kumabweretsa theka lonse la msika nthawi imodzi, moti palibe choti ayeze. Pa chifukwa chimenechi mitengo yofanana yoposa 20 siingakhazikike. Mitengo yosiyana nayo siingakhazikike, chifukwa ngati wotchipa ali pamwamba pa 20 wodula adzatsika kuti amupitirire, ndipo ngati wotchipa ali pa 20 penipeni pamene mnzake ali pamwamba, iye mwini adzakweza mpaka pafupi ndi mtengo wa mnzakeyo kuti apeze phindu. Pansi pa 20 palibe angakhalepo, popeza wogulitsa pamenepo amaluza. Chotsala ndi chimodzi chokha: onse awiri pa 20. Pamenepo wotsitsa amaluza, wokweza sagulitsa kanthu, ndipo palibe amene angapindule posuntha yekha. Ogula amatenga mabotolo 120, kuwirikiza kawiri amene akanagula kwa wogulitsa mmodzi, ndipo eni akasupe sapeza phindu lililonse.

Ngakhale chitsanzochi chafotokozedwa ngati kuti awiriwo amatsitsa mosinthana tsiku ndi tsiku, mfundo yeniyeni siifuna kuti nkhondo ya mitengo ichitike. Aliyense, podziwa kuti mnzake amawerengera ngati iye, amaoneratu kumene zinthu zikathere ndipo amaika 20 kuyambira pachiyambi. Komanso ngati mitengo iyenera kukhala ya mafalanki athunthu, onse angathe kuima pa 21, chifukwa kutsika kufika pa 20 kumachotsa phindu lonse, pamene pa 22 sangaime: aliyense amapeza 118, ndipo wotsitsa kufika pa 21 amapeza 119. Kusiyana kumeneku n'kochepa ndipo sikusintha mfundo.

Manambala omwewa akawerengedwa mwa njira ya Cournot amapereka yankho lina kotheratu. Aliyense amapititsa kumsika mabotolo 40, mtengo umakhala 60, ndipo aliyense amapeza 1,600. Makampani ndi omwewo, ogula ndi omwewo, ndalama zopangira ndi zomwezo, koma mtengo ndi 60 m'njira imodzi ndi 20 m'njira inayo.

Chodabwitsa chake

Yankho la Bertrand limatchedwa lodabwitsa chifukwa masamu ake alibe cholakwa, pamene m'misika yeniyeni makampani awiri olamulira msika nthawi zambiri amapeza phindu looneka. Palinso vuto lina lobisika mkati mwa mfundo yomweyi. Ngati kukonza kasupe wachiwiri kumafuna ndalama zimene sizingabwezedwe, munthu wanzeru sangalowe mumsikawo podziwa kuti akangolowa mtengo ugwera pa 20 ndipo ndalama zakezo sizidzabwerera. Motero mpikisano wa mitengo ukakhala woopsa chonchi umatha kusiya msika m'manja mwa kampani imodzi yogulitsa pa 80.

Ndalama zopangira zikasiyana, phindu limabwereranso, koma kwa mmodzi yekha. Ngati woyamba amapanga botolo ndi 20 ndipo wachiwiri ndi 30, woyamba amaika mtengo pansi pang'ono pa 30, mwachitsanzo 29, n'kutenga msika wonse ndi phindu la 999. Wachiwiri sagulitsa kanthu, komabe kukhalapo kwake n'kumene kwatsitsa mtengo kuchoka pa 80, zimene zikusonyeza kuti kampani yokhala yokha pamsika siikhala yomasuka nthawi zonse.

Pamene wotchipa sangakwaniritse msika wonse

Woyamba kuona pofooka penipeni anali Francis Ysidro Edgeworth, amene m'chaka cha 1897 anafunsa chimene chingachitike ngati kasupe aliyense ali ndi malire a madzi amene angatulutse. Tinene kuti aliyense sangapyole mabotolo 40 pa tsiku. Onse akakhala pa 20 anthu amafuna mabotolo 120 pamene alipo 80 okha. Woyamba akakweza mtengo sataya msika wonse, chifukwa mnzake akagulitsa mabotolo ake 40 amatseka, ndipo ogula otsala amabwera kwa wodula. Ngati amene anathandizidwa poyamba ndi amene anali okonzeka kulipira zambiri, otsalawo amagula malinga ndi 100 − P, ndipo woyamba angaike 60 n'kugulitsa mabotolo ake onse 40 ndi phindu la 1,600. Mtengo wa 20 sukhazikikanso. Kutsitsa pansi pa 60 kulibenso phindu, pakuti wotsitsa alibe mabotolo ena oti agulitse kwa makasitomala amene wawakopa.

Sizinangochitika mwangozi kuti 60 ndi mtengo womwewo wa Cournot. M'chaka cha 1983 David Kreps ndi José Scheinkman anaonetsa kuti ngati makampani amayamba asankha kukula kwa mafakitale awo, kenako n'kupikisana pa mitengo, mapeto ake amafanana ndi a Cournot, ngakhale kuti yankholi limadalira mmene ogula amagawidwira katundu akaperewera. Mfundo imeneyi inathandiza kwambiri kuthetsa mkangano wakale, chifukwa inasonyeza kuti funso loyenera silakuti wolondola ndani pakati pa akatswiri awiriwo, koma lakuti ndi chiyani chimene chili chovuta kusintha mumsika umene ukuwunikidwa. Kumene kuwonjezera katundu kumafuna zaka, monga pomanga fakitale ya simenti, njira ya Cournot imayandikira zenizeni. Kumene wogulitsa angathe kuthandiza aliyense wobwera popanda vuto, njira ya Bertrand ndiyo yoyenera.

Edgeworth anaonanso kuti malire akakhala apakatikati, osachepa kwambiri komanso osakwanira msika wonse, mtengo sukhazikika paliponse. Umatsika pang'onopang'ono mpaka mmodzi ataona kuti kuli bwino kukweza n'kugulitsa kwa otsala, mnzake n'kutsatira, kutsikako n'kuyambiranso. Kukwera mwadzidzidzi ndi kutsika pang'onopang'ono kwa mtundu umenewu kwaonedwa pa mitengo ya petulo m'mizinda ina ya ku Australia ndi ku Canada, ngakhale kuti akatswiri ambiri amakufotokoza potsata ntchito ya Eric Maskin ndi Jean Tirole ya 1988, imene imadalira kusinthana poika mitengo osati kuperewera kwa katundu.

Pamene katundu sali wofanana kwenikweni

Harold Hotelling, m'chaka cha 1929, anakayikira zoti ogula onse angasamuke chifukwa cha kusiyana kochepetsetsa kwa mtengo. Iye anayerekezera masitolo awiri okhala m'malo osiyana pamsewu umodzi wautali, ndipo anaonetsa kuti wogula wokhala pafupi ndi sitolo yodula sapita kutali ngati ndalama yoyendera ikuposa imene angapulumutse. Wotsitsa mtengo amangokopa amene ali pakatikati, moti phindu la kutsitsa limachepa ndipo mitengo imaima pamwamba pa mtengo wopangira chowonjezera. Mtunda ndi chitsanzo chabe, pakuti dzina la kampani, kakomedwe, ngongole imene wogulitsa amapereka ndi chizolowezi zimagwira ntchito yomweyo. Ichi n'chifukwa chake makampani amawononga ndalama zambiri pofuna kuti katundu wawo aoneke wosiyana ngakhale mkati mwake ali wofanana. Kusadziwa mitengo nako kumateteza wodula: Peter Diamond anaonetsa m'chaka cha 1971 kuti ngati kufufuza mtengo wa sitolo ina kumatayitsa wogula aliyense kanthu, ngakhale kochepa, mitengo ingathe kukwera mpaka kufanana ndi ya kampani yopanda mpikisano.

Pamene awiriwo amakumana tsiku ndi tsiku

Makampani enieni saika mtengo kamodzi, ndipo aliyense amadziwa kuti zimene achite lero mnzake adzayankha mawa. Tinene kuti eni akasupe onse ali pa 80, aliyense akupeza 1,800 pa tsiku, ndipo aliyense akudziwa kuti mmodzi akangotsitsa, mtengo udzagwera pa 20 mpaka kalekale. Wotsitsa amapeza pafupifupi 3,600 tsiku limodzi, ndiko kuti 1,800 yowonjezera, koma amataya 1,800 tsiku lililonse lotsatira. Masamu ake amasonyeza kuti ngati kampani imaona falanki ya mawa kukhala yofunika mosachepera theka la falanki ya lero, kutsitsa kulibe phindu, ndipo mtengo wa 80 ungakhalepo popanda awiriwo kukhala pansi n'kupangana. Ogulitsa akachuluka zimenezi zimavuta, chifukwa gawo la aliyense limachepa pamene wotsitsa amatengabe msika wonse. Zimavutanso ngati mitengo ndi yachinsinsi, mfundo imene George Stigler anaitsindika m'chaka cha 1964, popeza wotsitsa mobisa sangalangidwe msanga.

Zodziwika ndi zimene akutsutsanabe

Palibe katswiri amene amakana kuti zonse zimene Bertrand amadalira zikakwaniritsidwa mtengo umagwera pa mtengo wopangira chowonjezera. Chimene amatsutsana ndi kuchuluka kwa ogulitsa kumene kumafunika m'misika yeniyeni kuti zimenezi ziyandikire. Martin Dufwenberg ndi Uri Gneezy, m'kafukufuku wofalitsidwa m'chaka cha 2000, anaika anthu m'masewera oika mitengo ndipo anapeza kuti opikisana akakhala awiri mitengo imakhalabe pamwamba, koma akakhala atatu kapena anayi imatsikira kufupi ndi yankho la Bertrand. Timothy Bresnahan ndi Peter Reiss, atawunika m'chaka cha 1991 misika ya m'matauni ang'onoang'ono akutali ku Amereka, monga ya madokotala, ogulitsa mankhwala ndi ogulitsa matayala, anapeza kuti kusintha kwakukulu kwa mpikisano kumabwera ndi wogulitsa wachiwiri ndi wachitatu, ndipo obwera pambuyo pake sasintha zambiri. Umboni umenewu ukusonyeza kuti Bertrand anapyola pang'ono ponena kuti awiri ndi okwanira, koma analondola poona kuti mpikisano wamphamvu sufuna khamu la ogulitsa.

Kagwiritsidwe ntchito kake

Mfundo ya Bertrand imaoneka bwino kwambiri pa tenda yogulira katundu, pamene boma kapena bungwe lafotokoza ndendende katundu amene likufuna, makampani apereka mitengo m'maenvulopu omata, ndipo wotchipa atenga ntchito yonse. Apa katundu ndi wofanana, mitengo imaikidwa kamodzi ndipo wopambana amatenga zonse. Wogula amene amagawa ntchitoyo mofanana pakati pa makampani awiri pofuna kusangalatsa onse amachotsa yekha chimene chikanatsitsa mtengo. Tenda yobwera kawirikawiri kwa makampani omwewomwewo imatsegulanso mpata woti azisinthana kupambana.

Kwa mabungwe oyang'anira mpikisano, monga la COMESA limene likulu lake lili ku Lilongwe, mfundoyi imachenjeza pa zinthu ziwiri. Kufanana kwa mitengo pakokha si umboni wa kupangana, chifukwa ogulitsa katundu wofanana amaika mtengo umodzi kaya akupikisana koopsa pa 20 kapena akugwirizana pa 80, ndipo kumene boma limaika mtengo, monga wa mafuta a galimoto m'Malawi, kufananako sikunena kanthu za mpikisano. Kuwerenga makampani nako sikukwanira. Wofufuza ayenera kuyeza mtunda umene ulipo pakati pa mtengo wogulitsira ndi mtengo wopangira chowonjezera, ndipo akaupeza waukulu afunse chimene chikuletsa mmodzi kutsitsa: kaya alibe katundu wokwanira makasitomala atsopano, kaya ogula sangasamuke mosavuta, kaya akuopa kubwezeredwa. Chilichonse mwa zitatuzi chili ndi mankhwala ake, ndipo kulowetsa kampani yachitatu sikungathandize kwenikweni ngati ogula akadali omangika kwa wogulitsa wawo wakale.